Owonera aima pamodzimodzi: vuto ndi nkhani, chithunzi kapena anthu?

"Ndili ndi tchanelo pa YouTube chophunzitsa kuweta nkhuku. Chaka chatha owonera ankakwera mwezi ndi mwezi, koma kwa miyezi isanu tsopano angoima pa 40,000 pa mwezi, chonsecho ndikuponyabe mavidiyo awiri pa sabata. Kodi YouTube yanditsekereza, kapena ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, nambala ya pamweziyo isiyeni kaye, chifukwa imabisa zambiri. Mkati mwake muli mavidiyo akale omwe akukokabe anthu ndi atsopano omwe mwina sakuyenda n'komwe. Ntchito yoyamba ndi kuwalekanitsa.

Tsegulani YouTube Studio pa kompyuta, mulowe mu Analytics. Sankhani mavidiyo 10 a nthawi imene zinkayenda bwino ndi ena 10 aposachedwa. Pa vidiyo iliyonse onani masiku 7 oyambirira okha, kuti muyerekeze zinthu zofanana msinkhu. Lembani m'kope nambala zitatu: Impressions, kutanthauza maulendo amene YouTube inaonetsa anthu chithunzi cha vidiyo yanu, Impressions click-through rate, kutanthauza angati pa 100 alionse anadina ataona, ndi Average percentage viewed, yosonyeza kuti anaonera mpaka pati.

Tiyerekeze kuti vidiyo yakale inaonetsedwa maulendo 30,000 ndipo 6 pa 100 anadina. Amenewo ndi owonera 1,800. Yatsopano yaonetsedwa maulendo 12,000, odina ndi 7 pa 100, owonera 840. Ambiri amasokonezeka apa, poona kuti odina achuluka koma owonera achepa. Chifukwa chake n'chakuti vidiyoyo yangozungulira pakati pa anthu okudziwani kale, omwe amadina chilichonse chanu, ndipo sinatulukire kwa alendo. Zikatere chithunzi chilibe mlandu, vuto ndi nkhani imene mwasankha.

Kuti mutsimikize, ikani mavidiyo 20 aja m'magulu malinga ndi nkhani: kuyamba ulimi, matenda, chakudya, msika, zochitika za pakhomo panu. Kawirikawiri mavidiyo amene anakweza tchanelo amakhala oyankha funso la munthu aliyense, monga katemera wa chitopa kapena kuyamba ndi anapiye 50. Nkhani zazikuluzo zikatha, munthu amayamba kujambula "Tsiku la 23 m'khola lathu". Wokutsatirani aisangalalira, koma mlendo alibe chifukwa choidinira. Musaope kubwereza nkhani yaikulu. Chitopa chokha chili ndi mavidiyo angapo: zizindikiro, kasungidwe ka katemera komwe kulibe filiji, zochita nkhuku zikayamba kufa.

Nanga Impressions zikakhala chimodzimodzi, 30,000, koma odina atsika kufika 3 pa 100? Apo YouTube yachita mbali yake, anthu aona n'kulambalala, ndiye konzani mutu ndi chithunzi. Chionereni pa foni, poti ambiri akuchionera pomwepo: mawu opitirira anayi sawerengeka, ndipo zithunzi zikamafanana zonse, inu mutaima pakhomo pa khola, munthu amaganiza kuti vidiyoyo anaionera kale. Test & Compare ya mu YouTube Studio imalola kuyesa zithunzi mpaka zitatu pa vidiyo imodzi, ndipo imasankha chopambana potengera nthawi imene anthu aonera, osati kudina kokha. Nambala ya odina muziiona pa gwero lililonse la owonera palokha, chifukwa wofufuza mu YouTube search amadina msanga kuposa wongodutsa pa Browse features, monga tsamba loyamba la YouTube. Kuphatikiza ziwirizi kumanamiza.

Anthu akamadina koma ambiri n'kuthawa m'masekondi 30 oyamba, ndiye kuti mutu unalonjeza zimene chiyambi sichikupereka. Malonje a mphindi yathunthu amapha mavidiyo ambiri.

Kenako pitani pa Audience muone chiwerengero cha owonera atsopano ndi cha obwereranso, omwe YouTube tsopano imawagawa kukhala casual ndi regular. Atsopano akatsika, obwereranso osasintha, tabwerera ku vuto la nkhani lija. Obwereranso akatsika, funsani ngati anthu anu sanakule: amene anayamba ndi anapiye 50 lero akufuna za kudzipangira chakudya ndi kupeza msika. Ngati kukwera kwa chaka chatha kunabwera ndi Shorts, dziwani kuti ambiri mwa iwo saonera mavidiyo aatali. Onaninso External pa magwero a owonera: owonera obwera ndi linki ya pa WhatsApp sawerengedwa mu Impressions, choncho magulu akasiya kugawana mavidiyo anu, owonera amatsika nambala zinazo zili bwinobwino. Za nyengo nazo musaiwale. Oweta nkhuku za nyama amachuluka pokonzekera Khirisimasi, ndiye Febuluwale muyerekezeni ndi Febuluwale wa chaka chatha, osati ndi Novembala.

Mukapeza polakwika, sinthani chinthu chimodzi chokha pa mavidiyo 6 otsatira, zina zonse zikhale momwemo, kenako mulembenso nambala zitatu zija za masiku 7 oyambirira.