Masheya Akakwera Mtengo, Phindu Mulilembe Chaka Chiti?

"Ndine msungichuma wa kopaletivu ya alimi a soya ku Mchinji. Mu Ogasiti chaka chatha tinagula masheya 10,000 pa K100 imodzi, buloka wotigulira masheyawo anadula K20,000. Pa 31 Disembala mtengo unali K130. Tawagulitsa mu Meyi pa K150, buloka wadula K30,000. Kodi phindu la chaka chino ndilembe K500,000?"

Ayi bambo, la chaka chino ndi K200,000. K300,000 inayo ndi ya chaka chatha.

Tsiku logula, masheya amalowa m'buku ngati chuma cha kopaletivu: debiti masheya K1,000,000, debiti zolipira buloka K20,000, kirediti banki K1,020,000. K20,000 ya buloka musaiphatikize pa mtengo wa masheya, ilembeni ngati ndalama yowonongedwa chaka chomwecho. Ndi momwe lamulo la kalembedwe ka mabuku a chuma lotchedwa IFRS 9 limanenera pa masheya amene kusintha kwa mtengo wake kumawerengedwa ku phindu ndi kuluza.

Potseka mabuku, mumatenga mtengo umene masheyawo anatsekera pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange tsiku lomaliza la malonda m'chakacho, osati umene wina wanena pa gulu la pafoni. Pemphani sitetimenti kwa buloka ndipo muisunge, oditala adzaifuna. Masheya 10,000 pa K130 ndi K1,300,000, choncho debiti masheya K300,000, kirediti phindu la kukwera kwa mtengo K300,000.

Apa ndi pamene ndimadera nkhawa magulu a alimi. Phindu limeneli ndi la papepala, ku banki sikunalowe ngakhale tambala. Mamembala akaliona pa msonkhano wa pachaka amafuna kugawana, ndipo mukalola, mudzatapa ndalama zogulira mbewu. Lilembeni pa mzere wakewake, muwauze poyera kuti ndi chimanga chomwe chikadali m'munda.

Pogulitsa, mumayerekeza ndi mtengo umene uli m'buku tsopano, osati wogulira. Mwagulitsa K1,500,000 pomwe buku likuti K1,300,000. Lembani debiti banki K1,470,000, debiti zolipira buloka K30,000, kirediti masheya K1,300,000, kirediti phindu K200,000. Mukalemba K500,000 pomwe K300,000 munailemba kale, mwaiwerenga kawiri, ndipo chizindikiro chake n'chosabisika: akaunti ya masheya itsala ndi K300,000 chonsecho mulibe sheya ngakhale imodzi. Ikuyenera kutsala ziro. Ngati mu Disembala simunasinthe mtengo, ndiye kuti mabuku a chaka chatha ndi olakwika, uzani oditala awakonze.

Dziwaninso kuti mukadagulitsa pa K120, chaka chino mukadalemba kuluza K100,000, ngakhale mtengowo ukuposa wogulira. Mamembala zimawavuta kumvetsa, choncho aonetseni zaka ziwirizi pamodzi. Pa malonda anuwa, K300,000 ndi K200,000, kuchotsapo K50,000 ya buloka, gulu latsala ndi K450,000.

Za msonkho, a MRA ali ndi kawerengedwe kawo, ndiye popita kumeneko mutenge mapepala onse awiri a buloka, logulira ndi logulitsira.