Paipi yozungulira pamphepo: masamu akuti magalamu 670, sikelo ikuti 120

*"Achimwene, ndine wa ku Matawale. Ndatenga paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110, yotalika theka la mita, ndaigoneka pa mabering'i ndipo ndikuizunguza ndi dirilo patsogolo pa fani. Dirilo yalembedwa kuti imazungulira ka 1500 pa mphindi, mphepo ndayeza mamita 4 pa sekondi. Fomula ya Kutta ndi Joukowski ikundipatsa mphamvu yonyamula ya magalamu pafupifupi 670, koma sikelo yakukhitchini yomwe ndaikapo makinawa ikupepuka ndi magalamu 120 okha. Cholakwika ndi fomula, sikelo kapena ineyo?"*

Achimwene, masamu anu ndawabwereza pa pepala ndipo ali bwino, komanso sikelo yanu sindikuikayikira kwenikweni. Vuto lili pa nambala imodzi yomwe mwalowetsa mu fomulayo, ija imalembedwa ndi chilembo cha Γ. Mwaitenga kuchokera ku paipi, pamene fomula ikufuna ya mpweya.

Fomula yake ndi iyi, ndipo ikupereka mphamvu yonyamula pa mita iliyonse ya kutalika kwa paipi:

```
L' = ρ × V × Γ
```

ρ ndi kulemera kwa mpweya wodzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse. Mabuku ambiri amalemba makilogalamu 1.2, koma imeneyo ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Tauni ya Zomba, komwe kuli Matawale, ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, choncho 1.1 ndiye yoyenera kuno, ndipo mutakwera nayo paipi yanu pamwamba pa phiri ingatsikire cha ku 1.0. V ndi liwiro la mphepo isanafike pa paipi. Ziwirizi n'zosavuta.

Γ ndiye imafuna kuimvetsa modekha. Akatswiri amaitcha sekuleshoni. Yerekezani kuti mwajambula mzere mumpweya wozinga paipi yonse, kenaka mukuyenda pa mzerewo mpaka kubwerera pomwe munayambira. Pa phazi lililonse mukuona ngati mpweya ukupita komwe mukulowera kapena ukulimbana nanu. Ukamapita nanu mukuwonjezera liwiro lake kuchulukitsa ndi kutalika kwa phazilo, ukamalimbana nanu mukuchotsera. Chotsala mukamaliza ulendo ndicho Γ. Paipi ikangokhala osazungulira, mpweya wapamwamba ndi wapansi umathamanga mofanana, zowonjezera ndi zochotsera zimathana, Γ imakhala ziro ndipo palibe chonyamula. Ikayamba kuzungulira, mbali imodzi ya khungu lake imayenda limodzi ndi mphepo, inayo imayenda mosemphana nayo. Kumbali yoyenda limodziyo mpweya umathamanga ndipo kupanikiza kwake kumachepa, kumbali inayo umachedwa ndipo kupanikiza kumakula. Paipi imakankhidwira kumbali yothamangayo. Ngati pamwamba pa paipi yanu pakuthawa fani, mphamvu ikuloza kumwamba, n'chifukwa chake sikelo ikupepuka. N'chimodzimodzi ndi mpira wa kona womwe wamenyedwa cham'mbali n'kukhotera kugolo. Magnus anazifotokoza mu 1852, ndipo Kutta mu 1902 ndi Joukowski mu 1906 ndi amene anazimanga m'masamu.

Mmene mwapezera 670 ndi momwemu. Rediyasi ya paipi, a, ndi mamita 0.055, ndipo kuzungulira ka 1500 pa mphindi ndi ka 25 pa sekondi. ω ndi kuzungulira komweko m'maradiyani pa sekondi, ndipo U ndi liwiro la khungu la paipi.

```
ω  = 2π × 25         = 157 rad/s
U  = ω × a           = 8.6 m/s
Γ  = 2π × a × U      = 3.0 m²/s
L' = 1.1 × 4 × 3.0   = 13.2 N/m
```

Pa theka la mita ndi manyutoni 6.6, omwe pa sikelo ndi magalamu pafupifupi 670. Ambiri amagwa pa mzere woyamba poika 1500 yemweyo m'malo mwa 157, kapena amaika dayamita pomwe pakufunika rediyasi n'kupeza yankho lokula kanayi. Inu zimenezi mwazilambalala.

Koma taonani mzere wachitatu. Ukunena kuti mpweya wonse wozinga paipi watenga liwiro la khungu la paipi, mamita 8.6 pa sekondi, ngati kuti paipi ndi giya ndipo mpweya ndi giya inzake yolumana nayo mano. Mpweya sutero. Umene wakhudza pulasitiki weniweniwo umamatiradi n'kuyenda nayo, ndipo mutajambula mzere wanu pa khungu penipeni mungapezedi 3.0. Kungotuluka mamilimita ochepa, kugwirana kuja kwayamba kuterereka, monga lamba wa chigayo wofooka amene pule ikuthamanga koma iye akutsalira. Kansalu kopyapyala ka mpweya kamene paipi ikukoka sikazungulira n'kumaliza. Kamanyenyeka kumbuyo kwa paipi n'kupita ndi mphepo, n'kusiya chipwirikiti. Fomula ya Kutta ndi Joukowski imafuna Γ ya mzere wojambulidwa kunja kwa kansalu kameneka, komwe mpweya ukuyenda mwaufulu, ndipo kumeneko Γ ndi yochepa kwambiri. Fomulayo sinena paliponse kuti Γ ikhale yofanana ndi 2πaU. Ameneyo ndi malingaliro owonjezera omwe mabuku amaika kuti funso la mayeso litheke.

Ndiye itembenuzeni fomulayo, sikelo ikuuzeni Γ yeniyeni. Magalamu 120 ndi manyutoni pafupifupi 1.2, ndipo pa mita yathunthu angakhale 2.4.

```
Γ = L' / (ρ × V) = 2.4 / (1.1 × 4) = 0.55 m²/s
```

Mpweya wanu walandira gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a zomwe paipi inkapereka. Kwa paipi yaifupi yopanda zotchinga kumapeto, nambala imeneyi siyondidabwitsa ngakhale pang'ono. Ndikadakayikira mukadandiuza kuti mwapeza 600.

Gawo lina la kusiyanaku simungalichotse, chifukwa ndi chikhalidwe cha mpweya. Koma gawo lina likutayikira kumapeto kwa paipi, ndipo limeneli mukhoza kulibweza. Mawu akuti "pa mita iliyonse" amabisa chinthu chachikulu: fomula imaganiza kuti paipi ilibe mapeto, kuti chidutswa chilichonse chikuona zofanana ndi chinzake. Yanu ndi yotalika kanayi ndi theka kokha poyerekeza ndi kunenepa kwake. Pansi pake pali mpweya wopanikizika, pamwamba pali wopepuka, ndipo kumapeto kuwiri kuli njira yotseguka. Mpweya wapansi umangokhota pamapeto n'kukwera kukadzaza pamwamba, ndipo kusiyana komwe kumanyamula paipi kumafufutika kuyambira m'mphepete kulowa mkati. Yatsani kamtengo ka lubani muike pafupi ndi mapeto, muona utsi ukupindika kukwera m'malo mopita molunjika. Mankhwala ake ndi mbale ziwiri zozungulira za pulayiwudi wopyapyala, zokula kawiri kuposa paipi, ndiye kuti masentimita 22, zomangidwa kumapeto kuti zizizungulira nayo limodzi. Anton Flettner anaika mbale zotere pamwamba pa migolo iwiri yozungulira ya sitima yake ya Buckau mu 1924, migolo yotalika pafupifupi mamita 15, ndipo sitimayo inawoloka nyanja ya Atlantic mu 1926. Mukaika mbalezo sikelo isintha moonekeratu, koma musayembekeze kufika ngakhale theka la 670 pa liwiro limene mulili.

Musanadule pulayiwudi, tsimikizani kaye manambala awiri omwe mwawakhulupirira. Choyamba ndi 1500 uja. Zolembedwa pa dirilo ndi liwiro lake ikamazungulira yopanda katundu, ndipo magetsi akafooka madzulo kapena batire ikatsika, limagwa. Foni yanu ikhoza kuyeza. Matani kachidutswa ka tepi yoyera kumapeto kwa paipi, jambulani vidiyo yoyenda pang'onopang'ono ya zithunzi 240 pa sekondi, kenaka muwerenge zithunzi zomwe tepiyo ikutenga kuti ibwerere pamalo pake. Pa 1500 zikhala pafupifupi 10. Mukawerenga 14, paipi ikuzungulira cha m'ma 1000 basi, ndipo 670 wanu watsika kale kufika cha m'ma 460 musanakhudze china chilichonse. Werengani maulendo khumi n'kugawa, osadalira ulendo umodzi.

Chachiwiri ndi mphepo. Fani yam'nyumba siponya mphepo yofanana. Pakati penipeni, kutsogolo kwa mota, mphepo ndi yofooka, imalimba cha kumapeto kwa mapiko, ndipo yonseyo imatuluka ikupotoka. Ngati fani ndi ya masentimita 40 ndipo paipi ndi ya 50, mapeto onse awiri ali kunja kwa mphepo. Mamita 4 anu mwina munayeza pamalo olimba kwambiri. Yezani malo asanu motsatira paipi, iyo isakuzungulira, mutenge nambala yapakati. Ine pa ntchito zotere ndimadula timapaipi tomwera zakumwa n'kutidzaza m'katoni ngati zisa za njuchi, n'kuika pakati pa fani ndi chinthu choyezedwacho. Liwiro limatsika pang'ono koma kupotoka kumatha, ndipo nambala ya pa sikelo imasiya kuvina.

Pali njira imodzi yoyezera imene ndingakonde muitsate, chifukwa imachotsa mabodza a sikelo. Mphepo imakankhanso paipi chakumbuyo, ndipo kukankha kumeneko kumapendeketsa chimango n'kusintha nambala ngakhale palibe chonyamula. Kunjenjemera kwa dirilo nakonso kumasokoneza sikelo yadijito. Ndiye yezani kawiri. Zunguzani mbali imodzi mulembe nambala, tembenuzani dirilo pa liwiro lomwelo mulembenso. Mphamvu yonyamula imatembenuka, koma kukankha kwa kumbuyo kumakhala komweko. Tinene kuti koyamba sikelo yapepuka ndi 120, kachiwiri yalemera ndi 160. Phatikizani mugawe pawiri: chonyamula chenicheni ndi magalamu 140, ndipo 20 winayo ndi wa kupendekeka. Dirilo isakhale m'manja mwanu poyeza. Imangeni pa chimango chomwecho kuti ikwere nawo pa sikelo, chingwe chake chilendewere momasuka, apo ayi mukuyeza dzanja lanu.

Mukafuna kuwonjezera mphamvu, nambala yoyang'ana ndi liwiro la khungu la paipi kugawa ndi liwiro la mphepo. Panopa muli pa 8.6 kugawa ndi 4, kupitirira 2 pang'ono. Mphamvu imakwera msanga mpaka cha m'ma 4, kenaka phindu limayamba kuchepa pamene dirilo ikudya magetsi ochuluka. Kuti mufike pa 4 ndi mphepo yomweyi mufunika kuzungulira pafupifupi ka 2800 pa mphindi, ndipo apa ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Paipi ya pulasitiki siyowongoka kwenikweni, ndipo mphamvu yoigwedeza imakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Pulasitikiyo ikasweka imaponya zidutswa zakuthwa. Njira yabwino ndi kutsitsa fani kuti mphepo ikhale mamita 2 pa sekondi, dirilo ikhale pomwe ili. Magalamu pa sikelo achepa, koma nambala ija ipitirira 4 pang'ono popanda kuthamangitsa paipi. Muvale magalasi oteteza maso, ana akhale kutali, ndipo musaime moyang'anizana ndi m'mphepete mwa mbale zija pamene zikuzungulira.