Laputopu ya K1,800,000 inshuwalansi n'kungolipira K500,000, zimatheka bwanji?

"Achimwene, ndimakhala ku Area 49 ndipo katundu wam'nyumba ndinamuika pa inshuwalansi ya K10,000,000. Mnzanga wandiuza kuti laputopu yanga ya K1,800,000 atayiba sadzandipatsa ndalama yonse ati sindinayilembetse payokha. Zoona zimenezi? Nanga foni ndi mphete ya madamu?"

Mnzanuyo sakunama ayi achemwene. Tengani chikalata chanu cha inshuwalansicho muwerenge tsamba lomwe pali ziwerengero, mupezapo mzere wonena malire a ndalama yomwe angalipire pa chinthu chimodzi. Makampani ena amalemba ndalama yeniyeni, ena amati maperesenti akuti a ndalama yonse ija. K10,000,000 ija ndi ya nyumba yonse, masofa, filiji, mabedi, mapoto, koma chinthu chimodzi chodula ngati laputopu, foni kapena mphete chili ndi denga lakelake.

Tiyerekeze kuti malire anu ndi K500,000 ndipo ekisesi, ndalama ija amakudulani pa nkhani iliyonse, ndi K50,000. Akuba athyola mabagilabaa usiku atenga laputopu, mwapita kupolisi mwatenga lipoti, mwalemba mafomu onse bwinobwino, pamapeto mulandira K500,000 kapena K450,000 ngati ekisesi amayichotsa pamalirepo, K1,300,000 kapena kuposa apo yatsala ndi yanu, ndipo palibe wakuberani, zinalembedwa kale. Zimandipweteka ine zimenezi chifukwa munthu amakhala walipira chaka chonse mokhulupirika kenako adziwire zimenezi tsiku lomwe waberedwa.

Ndiye chochita ndi ichi, mupite kwa buloka wanu, amene anakugulitsani inshuwalansiyo, kapena kukampani mukawauze kuti laputopuyo ayilembe payokha pa ndandanda, dzina lake, mtundu wake, siriyo nambala (ili pa kapepala kapansi pa laputopu) ndi mtengo wake, pulimiyamu, ndalama ija mumalipira kukampani, ikwera pang'ono malinga ndi mtengowo. Foni nayo chimodzimodzi koma iyo amafuna nambala yake yotchedwa IMEI, imbani *#06# ituluka pasikirini, muyilembe penapake osati m'foni momwemo. Lisiti muyijambule lero lomwe, malisiti amakono aja inki yake imafufutika miyezi ingapo chabe, ine yanga ya foni ndinayipeza m'diloo yasanduka pepala loyera. Ngati munagula pamanja kwa anyamata ku Bwalo la Njobvu popanda lisiti, nenani poyambirira pomwe avomereze umboni wina monga bokosi lake, zithunzi ndi kotesheni ya kushopu, osadikira mpaka itabedwa.

Mphete ilibe nambala, ndiye pamafunika kalata ya wogulitsa zagolide yonena makarati ake, kulemera kwake m'magalamu, mwala ngati ulipo, ndi mtengo. Muyijambule ili pachala komanso mkati momwe muli chidindo. Ndolo zikakhala ziwiri imodzi n'kutayika, mapangano ambiri amalipira imodzi yotayikayo basi.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa mtengo womwe mulembetse. Ndalama yomwe yalembedwa pa ndandanda ndiyo denga, sadzapitirira. Mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, malaputopu ndi mafoni anakwera nthawi yomweyo poti zonse ndi zochokera kunja. Munthu yemwe analembetsa laputopu yake pa K1,200,000 ndipo chaka ndi chaka amangowonjezera pangano osasintha, lero yofanana nayo ili pa K1,800,000, akaberedwa alandira K1,200,000 kuchotsa ekisesi, ayipeze kuti ina yotsalayo? Ndiye nthawi yokonzanso pangano ikakwana pitani kushopu mukatenge kotesheni yatsopano mukweze mtengowo. Mufunsenso ngati amalipira mtengo wa chatsopano kapena amachotsera kukalamba kwa chinthucho, chifukwa laputopu ya zaka zitatu akayichotsera zaka zimenezo ndalama imatsika kwambiri, ndipo kulembetsa mtengo wokokomeza sikuthandiza, mungolipira pulimiyamu yambiri koma iwo adzawerengera mtengo weniweni.

China, inshuwalansi wamba ya katundu wam'nyumba kawirikawiri imagwira chinthu chikakhala m'nyumbamo. Foni akakutsomphorani kudepoti mukukwera minibasi sizikuwakhudza. Polembetsa payokha mufunse kuti ikugwiranso kunja kwa nyumba, komanso kunja kwa dziko ngati mumapita ku Joni kapena ku Chipata, ndipo zilembedwe. Ngakhale pamenepo pali zomwe amakana, laputopu yosiyidwa pampando wagalimoto poonekera inu mwalowa mushopu nthawi zambiri salipira, amafuna ikhale yokhomeredwa mubuti ndipo paoneke pomwe athyola. Mafayilo omwe anali mkatimo salipiranso.

Ndipo ngati laputopuyo mumagwirira bizinesi muwauze poyera, mapangano ena a m'nyumba sakhudza zida zantchito. Mukamaliza zonse musachoke ndi mawu apakamwa, akupatseni ndandanda yatsopano ndipo mufananize siriyo nambala ndi IMEI zomwe alembazo ndi zenizeni nambala imodziimodzi musanasaine.