Moni wa pamudzi amatalikiranji?

"Ine ndinakulira m'tauni ku Blantyre, pano ndayamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Mchinji. Khomo lililonse lomwe ndafika, moni yekha amadya nthawi: ana, kunyumba, mvula, kumene ndachokera. Onse amayankha kuti ali bwino, ndiye phindu lake n'chiyani? Kodi ndingadule osalakwira anthu?"

Achimwene, "tili bwino" woyambayo musamuwerengere. Ameneyo ndi wotsegulira pakamwa chabe. Zoona zimatuluka pa funso lachitatu kapena lachinayi, ndipo mukadula pa loyamba mudzabwerera ku ofesi ndi kope lodzaza koma musanamve kanthu.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona kwa amalume anga cha ku Chamama, kuno ku Kasungu, mwezi wa Febuluwale chaka china. Ndinafika panjinga, ndinaima pamphepete pa bwalo n'kunena "Odi!" Anayankha ndi azakhali, akazi awo, ali kukhitchini: "Afike!" Mwana anathamanga kudzalandira njinga, wina anabweretsa mpando, ine n'kukhala. Mpaka apo palibe amene anali atandifunsa kuti ndili bwanji. Pamudzi mlendo sapatsidwa moni ali chiimire, ndipo siiye amayamba. Amakhala pansi kaye, apume, eni khomo ndiwo amabwera mmodzimmodzi, akuluakulu poyamba.

Amalume anatuluka, tinagwirana chanza, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu kuno?"

"Ife tili bwino. Mwawasiya bwanji kunyumba?"

Ndinafotokoza za kwathu, kenaka inafika nthawi yanga yofunsa. Ana? "Alipo, akusewera." Agogo? Apa anayamba atsokomola kaye. "Adzuka, koma pang'ono." Kumunda? "Chimanga chikuoneka, kungoti feteleza wachiwiri sitinathire." Azakhali, atakhala pamphasa chapatali, anaponyapo mawu akuseka: "Ife masiku ano ndi a maungu."

Mwamva zimene ananena? Agogo akudwala ndithu, chifukwa munthu wa chimfine chabe satchulidwa kuti "pang'ono". Ndalama zinatha mvula ili pakati. Ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu, banja likugonera maungu. Ndikanafika n'kufunsa kuti "Amalume, chakudya muli nacho?" akanayankha kuti chilipo, chifukwa bambo wamkulu savomera njala pamaso pa mphwake ndi ana ake. Koma m'kati mwa moni anandiuza zonse popanda kupempha, ine ndinamva popanda kuwachititsa manyazi. Mlungu wotsatira ndinatumiza thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo palibe amene anatchulapo mawu oti thandizo.

Ntchito yaikulu ya mafunso aja ndi imeneyo. Amayambira pa munthu amene uli naye, n'kumafutukuka kupita kwa ana, okalamba, munda, mudzi. Woyankha amasankha yekha pamene aikepo vuto lake ndi kukula kwake. Wofunsa amamvetsera timawu ting'onoting'ono: "pang'ono", "choncho", "tikuyesera", "kungoti". Akamva kamodzi mwa timeneti amaima n'kufunsa, "Chavuta n'chiyani?" Akangopitirira ngati sanamve, eni khomo amadziwa kuti moni wake ndi wapakamwa, ndipo sadzamuuzanso kanthu.

Moni ukatha pamabwera malonje, pamene mlendo amafotokoza chimene wadzera. Dongosolo limeneli limaoneka mphamvu yake pa uthenga woipa. Munthu wotumidwa kukanena za maliro safuulira kumsewu. Amakhala pansi, amalandira moni, mwina mpaka kuyankha kuti wayenda bwino. Akafunsidwa za kumene wachokera ndi pamene amati, "Kumeneko sikuli bwino." Mphindi zochepazo zimapatsa eni khomo mpata woona nkhope yake, kuchotsa ana, kuitana munthu wamkulu woti akhale pafupi ndi amene uthengawo umukhudze kwambiri. Kale kusanabwere mafoni, nkhani za matenda, ukwati ndi milandu zinkayenda ndi mapazi a alendo, n'chifukwa chake aliyense wofika ankafunsidwa za kumene wachokera. Lero foni ilipo, komabe tamverani amayi anu akamaimba: mayunitsi amatha akufunsa za ana, nkhani yeniyeni n'kubwera pothera.

Pali chinanso chimene moni amachita: amaika aliyense pamalo pake nkhani isanayambe. Amene wagwada, amene waomba m'manja, amene wanena "wawa", amene watchulidwa ndi mfunda wake, aPhiri kapena aNabanda, zonsezi zikunena kuti wamkulu ndani, mlendo ndani. Mkamwini amapereka moni kwa apongozi ake aakazi atanjuta chapatali, maso kumbali, ndipo amene sadziwa angaganize kuti akudana. Zimenezi si za kwathu kokha. Katswiri wina wa ku Amereka, Judith Irvine, analemba mu 1974 za moni wa Awolofu a ku Senegal, kuti kumeneko wotsika ndiye amayamba moni ndi kufunsa mafunso, wapamwamba n'kumangoyankha mwachidule, mpaka ena amalimbirana kuyamba pofuna kudzichepetsa kuti mnzawoyo akhale wowasamalira. Pa Chiswahili wamng'ono amati "shikamoo", wamkulu n'kuyankha "marahaba". Ashona a ku Zimbabwe akafunsidwa m'mene agonera amayankha kuti agona ngati inunso mwagona, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi "kaya inu" wathu. Funso liyenera kubwezedwa. Kuyankha "ndili bwino" n'kungokhala chete kuli ngati kulandira mbale ya ndiwo kwa mnansi n'kusabweza mbaleyo.

Sindikunena kuti moni wautali aliyense ndi woona mtima. Tonse timamudziwa munthu amene amafunsa mpaka za nkhuku zako, iwe n'kudziwiratu kuti kumapeto kuli ngongole. Ndipo pali malo pamene moniwu sufunika. Pamaliro simufika n'kufunsa anamfedwa kuti ali bwanji. Mumakhala pansi mwakachetechete, mawu ake ndi "pepani". Nyumba ikamapsa kapena mayi akadwala mwakayakaya palibe amene adikire mpando. Pamsika wa pa Kamwendo kapena pa Kapiri, "mwaswera bwanji" mmodzi akwanira musanafunse mtengo wa mtedza.

Tsono kudula kumatheka, koma muyenera kudziwa podula. Ulendo woyamba pa khomo lililonse, makamaka kwa a mfumu, musadule chilichonse. Zimitsani njinga yamoto, vulani chipewa, khalani pamene akupatsani, kope likhale m'chikwama mpaka atakufunsani chimene mwadzera. Mukadzabweranso kachiwiri mafunso atatu akwana, bola limodzi likhale lochokera pa zimene munamva ulendo watha: "Agogo aja apeza bwanji?" Funso limodzi lotere limaposa mafunso khumi oloweza. Mukakhala pa changu nenani poyera mutatha moni, "Pepani, lero sindikhalitsa, ndili ndi makomo ambiri," ndipo adzakumasulani ndi mtima woyera. Ngati anthu ali gulu, monga pa munda wachitsanzo, kuomba m'manja ndi "moni nonse" kumalowa m'malo mwa kugwira chanza aliyense, koma a mfumu ndi okalamba apatseni wawo pawokha.

Ndipo poti ntchito yanu ndi ya ulimi, funso loti "kumunda kuli bwanji?" lili kale m'kati mwa moni. Mlimi amene angakuuzeni pa fomu kuti anathira feteleza kawiri, pa moni adzakuuzani kuti thumba lachiwiri anagulitsa mwana atagonekedwa kuchipatala. Mukamva zotero musatulutse cholembera pomwepo, mudzalembe mukafika panjinga.