Shuga pa maliro ndi pa ukwati: musakane mbale

"Anandipeza ndi shuga, ndikumwa glibenclamide. Pa maliro ndi pa ukwati ndizitani? Ndikakana chakudya achibale amati ndine wonyada."

Mayi, mbale musakane. Chimene chimavulaza anthu a shuga pa zochitika zotere si nsima kwenikweni, koma nthawi yodyera ndi zakumwa.

Tiyerekeze kuti maliro ali ku Ekwendeni. Mwanyamuka ku Chibavi m'mamawa, mwamwa mankhwala ndi tiyi yekha. Mwambo wa tchalitchi watalika, kumanda mwapita wapansi dzuwa likuswa mtengo, ndipo nsima ikubwera cha m'ma 3 koloko. Glibenclamide sadikira nsima: amatsitsa shuga kaya mwadya kaya simunadye. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, mtima kugunda kwambiri kapena kuchita chizungulire, shuga watsika, ndipo anthu angoganiza kuti ndi chisoni. Apo imwani theka la botolo la Coca-Cola kapena masupuni aang'ono 3 a shuga m'madzi, mudikire mphindi 15, kenako mudye kanthu. Wachibale mmodzi amene mwakhala naye pafupi adziwiretu zimenezi.

Choncho idyani mokwanira musanachoke kunyumba, dzira ndi mbatata yophika ngakhale nsima yotsala ndi nyemba. M'chikwama muike mtedza wokazinga, nthochi imodzi ndi madzi. Kutuluka pang'ono masana n'kukadya kuseri palibe amene angakudzudzuleni. Osasiya mankhwala mwa nokha poopa njala, zimenezo mukambirane ndi a kuchipatala.

Nsima ikafika, sambani m'manja limodzi ndi anzanu. Yambani ndi kabichi, nyemba ndi nyama, ndipo nsima mudye mtanda umodzi waukulu ngati chibakera chanu, pang'onopang'ono, kuti mumalize pamodzi ndi ena. Anthu amaona munthu amene wakhala chopinda manja, sawerenga mbamu. Kondowole nayenso amakweza shuga msanga, musamuyese wabwinoko chifukwa ndi wa chinangwa.

Pa ukwati vuto ndi mbale imodzi yokhala ndi mpunga wa Kilombero, tchipisi ndi nsima. Sankhanipo chimodzi, nkhuku ndi saladi zichuluke. Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, ndipo chindongwa, kapena kuti thobwa, ndi tiyi wa pa siwa nthawi zambiri amabwera atathira kale shuga. Ine zimenezi ndiye ndimaziopa kuposa keke. Botolo landirani, muthokoze, mupatse mwana kapena mupite nalo kunyumba. Kwa apongozi okakamiza, mawu akuti "adokotala anandiletsa zotsekemera, koma nsimayi ndidya" amakwanira. Nthawi ya perekaniperekani nyamukani mukavine, kuvinako kumathandiza kutsitsa shuga.

Ngati muli ndi kamakina koyezera, yezani patatha maola 2 chiyambireni kudya. Shuga akapitirira 180 mg/dL, ulendo wina muchepetse mpunga kapena nsima.