Chifukwa chiyani zilango za pachuma sizikusintha maboma?

"Abale ndithandizeni. Timangomva kuti Russia, Iran ndi Cuba anawaika pa zilango za pachuma, koma atsogoleri ake akupitirizabe zomwe amachita. Kodi zilangozi zimalephera pati?"

Achimwene, maiko mwatchulawo ndi akutali, ndiye ndiyankha ndi nkhani ya pafupi yomwe agogo athu ena anaiona ndi maso ali pa ntchito ku Halale. Ndikunena Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe. Nkhani yake inafika pamapeto, zobisika zambiri zinaululika, choncho titha kuona bwino pomwe zinthu zinathawira.

Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith, nduna yayikulu ya Rhodesia, analengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku Britain, cholinga chake chili choti azungu ochepa apitirize kulamulira anthu akuda mamiliyoni. Britain inakana kutumiza asilikali, m'malo mwake inasiya kugula fodya wa ku Rhodesia ndi kuletsa kugulitsako mafuta. Mu Januwale 1966, nduna yayikulu ya Britain, Harold Wilson, anauza atsogoleri anzake ku Lagos kuti boma la Smith likhoza kugwa m'masabata chabe, osati miyezi. Bungwe la United Nations linalamula maiko onse kutsatira zilangozo mu Disembala 1966, ndipo mu 1968 linazikulitsa kuti zikhudze pafupifupi malonda onse. Koma ulamuliro wa azungu unakhalapo mpaka 1979.

Tiyambe ndi mafuta, poti chiyembekezo chonse chinali pamenepo. Rhodesia inalibe nyanja ndipo sinkakumba mafuta. Mafuta ake ankatsikira pa doko la Beira, n'kuyenda m'paipi mpaka ku Feruka, pafupi ndi Umtali, womwe lero ndi mzinda wa Mutare, komwe ankawayenga. Britain inaika sitima zankhondo pafupi ndi Beira kuyambira 1966 mpaka 1975, paipi inauma, fakitale ya Feruka inatsekedwa. Poyang'ana patali zinkaoneka ngati atheka. Komatu kunali kutseka chitseko cha khola pomwe kuseli kuli chiboo chachikulu. Mozambique inali m'manja mwa Apwitikizi, kumwera kunali South Africa ya tsankho, ndipo onse awiri sankafuna kuti Smith agwe, podziwa kuti akagwa iye otsatira ndi iwo. Mafuta oyengayenga anayamba kulowa pa njanji kuchokera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, komanso kudzera ku South Africa. Chowawa kwambiri chinadziwika mu 1978, lipoti la Bingham, la kafukufuku yemwe boma la Britain linalamula, litatuluka: nthambi za Shell ndi BP, makampani okhudzana ndi Britain yemweyo, zinatengapo mbali kuti mafutawo azifika, nthawi ina posinthana katundu ndi kampani ya Total kuti dzina lawo lisaoneke. Ngakhale America, mu 1971, inakhazikitsa lamulo lotchedwa Byrd Amendment lolola kugulanso mtapo wa kuromu ku Rhodesia, ndipo linagwira ntchito mpaka 1977.

Katundu wotuluka naye ankayenda chimodzimodzi. Ankamulembera mapepala onama osonyeza kuti wachokera ku South Africa kapena ku Mozambique. Zoona, Rhodesia inkagulitsa motchipa n'kumagula modula, chifukwa aliyense wa pakati ankadyapo yake. Koma kudula kwa zinthu sikufanana ndi kusowa kwa zinthu. Boma limapirira zinthu zikadula, bola zizipezeka.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse, chifukwa ngakhale chiboo chija atachitseka, vuto limatsalabe. Amene amaika zilango amaganiza kuti ululu ukakula, ufika kwa wolamulira. Amaiwala kuti wolamulirayo ndiye amagawa ululuwo. Taonani za fodya. Fodya ndiye ankabweretsa ndalama zakunja zambiri, ndipo alimi ake achizungu ndiwo anali nsanamira ya chipani cha Smith. Msika utatsekeka, boma linayamba kugula lokha fodyayo n'kumuunjika m'nyumba zosungira katundu, kwinaku likumugulitsa mobisa pang'onopang'ono. Linachepetsa mlingo wa fodya wolimidwa, n'kuthandiza alimiwo kutembenukira ku chimanga, thonje ndi tirigu. Mlimi anadandaula, koma ambiri sanataye minda yawo. Amene anachotsedwa ntchito m'mafamu anali anthu akuda, ambiri mwa iwo ochokera kuno ku Malawi ndi ku Mozambique, anthu opanda voti, oti Smith sakanasowa nawo tulo. Zimandipweteka kuti amene zilangozo zimati zikuwamenyera nkhondo ndiwo anayamba kugona ndi njala.

Komanso panabadwa gulu la anthu opindula. Katundu wakunja atasowa, mafakitale a m'dzikomo anayamba kupanga okha zovala, mipando, zakudya za m'zitini ndi zina, popanda wopikisana naye. Ndalama zakunja ankazigawa ndi boma, ndiye wabizinesi aliyense ankafunika kukhala bwino ndi bomalo. Chuma chinakula ndithu kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mpaka 1974. Ndipo azungu amene poyamba ankamukayikira Smith anamukhamukira, poona kuti dziko lonse lawaukira. Chipani chake chinkatenga mipando yonse ya azungu pa chisankho chilichonse.

Oyandikana nawo ndiwo analira. Zambia inkadalira njanji ya ku Rhodesia potulutsa kopa ndi kulowetsa mafuta. Inayamba kunyamula mafuta m'migolo pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, pa msewu woipa womwe unapha madalaivala ambiri, mpaka paipi ya TAZAMA inatsegulidwa mu 1968. Dziko lomvera lamulo linavutika kuposa dziko lolangidwa.

Nanga ankamuuza kuti achite chiyani kuti amumasule? Kuti apereke ulamuliro kwa anthu ambiri, kutanthauza kuti iye ndi anthu ake atule pansi zonse. Ndimaona kuti muzu wa nkhani ndi umenewu. Boma limayeza zinthu ziwiri: zomwe likutaya chifukwa cha zilango, ndi zomwe lingataye likamvera. Ngati pempho ndi laling'ono, monga kumasula mkaidi kapena kusintha lamulo limodzi la malonda, zilango zimatha kugwira, makamaka pomwe wolangidwayo akukhulupirira kuti akamvera zichotsedwadi. Koma ngati kumvera ndi kutaya mpando, mwinanso kukathera kundende, palibe mtengo wa petulo womwe ungamusunthe. Mukamva za zilango zatsopano pa wailesi, yambani mwafunsa chomwe akupempha, kenako funsani amene wagwirizana naye malire komanso amene akumugula katundu wake wamkulu.

Musandimve ngati ndikuti zilango zija zinangopita pachabe. Zinachititsa kuti pasapezeke dziko lililonse lovomereza boma la Smith, ngongole zakunja zinavuta, makina anakalamba. Koma zinayamba kuluma zenizeni zinthu zina zitasintha. Nkhondo ya ZANLA ndi ZIPRA, magulu a anthu akuda omenyera ufulu, inakula, azungu ankaitanidwa ku usilikali mobwerezabwereza, ambiri n'kuyamba kusamuka. Boma la Portugal linagwa mu Epulo 1974, Mozambique inalandira ufulu mu 1975, ndipo mu Malichi 1976 Samora Machel anatseka malire, ngakhale kuti dziko lake linataya ndalama zambiri za njanji ndi madoko. Smith anatsala ndi njira imodzi yokha, ya South Africa. John Vorster, nduna yayikulu ya South Africa, atapanikizidwa ndi America, anayamba kuchedwetsa katundu pa njanji zake, ndipo mu Seputembala 1976 Smith analengeza pa wailesi kuti wavomera mfundo ya ulamuliro wa anthu ambiri. Anazembabe kwa zaka zina zitatu, magazi akukhetsedwa, mpaka mgwirizano wothetsa nkhondo wa ku Lancaster House, ku London, mu Disembala 1979.

Lero amaika zilango zolunjika kwa atsogoleri okha, monga kuwaletsa maulendo ndi kutseka maakaunti awo akunja, pofuna kuti anthu wamba asavutike. Maganizowo ndi abwino, koma Zimbabwe yomweyo inatiwonetsa malire ake. European Union inamuika Robert Mugabe pa zilango zotere mu 2002, America mu 2003. Iye anazisandutsa chonamizira cha mavuto onse a m'dziko pa misonkhano yake, mabanki akunja anayamba kuopa kuchita bizinesi ngakhale ndi anthu osakhudzidwa, ndipo anakhalabe pa mpando mpaka Novembala 2017 pomwe asilikali ake omwe anamukakamiza kutula pansi udindo.