GTA V yakakamira pa kuloda pambuyo pa apudeti: musafufute foda yonse

"Abale thandizeni. GTA V yanga ya pa Steam inapanga apudeti dzulo, pano ikungozungulira pa kuloda osalowa, ndadikira mpaka ola lathunthu. Ena akuti ndifufute foda ya Rockstar Games mu Documents, ena akuti ndiichotse gemu yonse ndiikenso. Nditani? Kapena laputopu ndi imene yatopa, ndigule RAM ina?"

Achimwene, foda imeneyo musaifufute. Amene akukuuzani zimenezo mwina sanatayepo kanthu, koma ine zinandionekera. Chaka chatha gemu yanga inachita chimodzimodzi, ndipo mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni anangolowa mu Documents, n'kudina `Shift+Delete` pa foda yonse ya Rockstar Games, n'kundilipiritsa cha m'ma K10,000. Gemu inatsegukadi, koma inandiyambitsa kuchiyambi, ku chipale chofewa cha North Yankton kuja. Nkhani yonse imene ndinasewera miyezi inayi, magalimoto a Franklin, ndalama, zonse zinapita chifukwa `Cloud Saves`, imene imasunga masevu pa intaneti, inali yozimitsa. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti vuto lenilenilo linali kafayilo kamodzi kokha.

Tsegulani apa muone nokha zimene zilimo:

```
Documents\Rockstar Games\GTA V
```

Ngati mukusewera ya Enhanced imene inatuluka mu Marichi 2025, foda yake ndi `GTAV Enhanced`. Mukapanda kuipeza, yang'anani mkati mwa OneDrive, chifukwa pa makompyuta ambiri Documents anasamutsidwira kumeneko mwini wake osadziwa.

Mkatimo muli zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Pali fayilo ya `settings.xml`, imene imasunga za chithunzi basi: kukula kwa sikirini, DirectX imene gemu igwiritse ntchito, mithunzi, komanso dzina la kadi yanu ya zithunzi. Ndiye pali foda ya `Profiles`, ndipo mkati mwake muli foda ina ya dzina la manambala ndi zilembo zosakanikirana. Mmenemo ndi mmene muli masevu anu, mafayilo oyamba ndi `SGTA5`, monga `SGTA50000`. `settings.xml` ija gemu imatha kuipanganso yokha ikaisowa. Masevuwo sangapangikenso, akapita apita.

Choncho musanakhudze chilichonse, tsekani gemu, Steam ndi Rockstar Games Launcher, muonetsetse mu Task Manager kuti palibe chatsala chikuyenda. Kenako koperani foda yonse ya `GTA V` ya mu Documents ija pa fulashi kapena pa Desktop. Nthawi zambiri si yayikulu, sizikutengerani nthawi.

Mukatero musafufute kanthu, ingosinthani dzina. `settings.xml` ikhale `settings.old`. Gemu ikaifuna n'kuipeza palibe, imalemba yatsopano poyang'ana kompyuta yanu mmene ilili lero. Ubwino wosintha dzina ndi wakuti ngati sizinathandize, mumangobwezera dzina lakale, zonse zili mmene zinalili. Chenjezo laling'ono: Windows imabisa mchira wa dzina la fayilo, ndiye mukhoza kuganiza kuti mwasintha pomwe mwangopanga `settings.old.xml` kapena simukuona n'komwe `.xml` yo. Yatsani `File name extensions` mu File Explorer kuti muziona dzina lonse.

Chifukwa chake zimagwira ntchito n'chosavuta. Fayilo ija inalembedwa ndi gemu yakale, mwina ndi dalaivala yakale ya kadi. Apudeti ikabwera, gemu yatsopano imawerenga zakalezo, ndipo ikakumana ndi chimene sichikugwirizana ndi mmene zinthu zilili tsopano imatha kuima pomwepo. Kwathu kuno palinso china: magetsi akathima gemu ili mkati molemba fayiloyo, imatsala yoduka. Yanga ija ndikukhulupirira inafa chomwecho, chifukwa usiku wa apudeti magetsi anapita, batire ya laputopu nayo inali yotha kale. Mukhoza kudzionera nokha: tsegulani `settings.xml` ndi Notepad. Yabwinobwino imathera pa mzere wa `</Settings>`. Ikakhala yopanda kanthu kapena yathera panjira, wolakwa mwamupeza.

Tsopano tsegulani gemu, musankhe Story Mode, osati Online. Ipatseni mphindi 10, makamaka ngati ili pa hadi disiki yozungulira ija osati SSD. Mukudikira, dinani `Alt+Tab` muyang'ane Task Manager pa gawo la Disk. Manambala akamasinthasintha ndiye kuti gemu ikuwerenga, isiyeni. Akangokhala pa 0 kwa mphindi zingapo, yakakamiradi.

Ikakanabe, pitani pa fayilo yachiwiri. Mu foda ya manambala ija ya mu `Profiles` muli `pc_settings.bin`, imene imasunga zinthu monga mawu, kamera ndi kuwala kwa sikirini. Isintheni dzina iyo yokha, ma `SGTA5` oyandikana nawo musawakhudze. Chitani fayilo imodzi, yesani, kenako ina. Mukasintha zonse nthawi imodzi, gemu ikatseguka simudziwa chimene chinali kudwala, ndipo apudeti yotsatira mudzayambanso kufufuza mumdima. Dziwaninso kuti zikatheka, chithunzi chidzaoneka mosiyana ndi kale ndipo mwina idzakufunsani za kuwala ngati tsiku loyamba. Bwezeretsani zokonda zanu pang'onopang'ono, musakweze zonse pamwamba nthawi imodzi.

Koma pali funso limodzi limene palibe wakufunsani pano: munaikamo mamodi? Ngati munaikapo magalimoto kapena zina kudzera pa OpenIV, zonse ndanenazi sizikuthandizani, chifukwa vuto silili mu Documents. Lili mu foda imene gemu inaikidwa. Apudeti imasintha `update.rpf` yeniyeni, koma kope imene ili mu foda ya `mods` imatsala yakale pamodzi ndi `gameconfig.xml` yake, ndipo gemu yatsopano ikamawerenga zakalezo imangozungulira mpaka kalekale. Mu Steam dinani kumanja pa gemu, `Manage`, kenako `Browse local files`. Sinthani dzina la foda ya `mods` likhale `mods_off`, muchotsenso `dinput8.dll` ndi `ScriptHookV.dll` muziike pambali. Ikatseguka, dikirani opanga mamodiwo atulutse zogwirizana ndi apudeti yatsopano. Mng'ono wanga anavutika sabata yathunthu akufufuta `settings.xml` mobwerezabwereza, chonsecho vuto linali galimoto zisanu zimene anaziika n'kuziiwala.

Za kuchotsa gemu n'kuikanso, chonde ayi. Ndi magigabaiti oposa 90, ndipo inu mukudziwa mtengo wa bandulo masiku ano. Choipa kwambiri n'chakuti kuchotsa gemu sikukhudza foda ya mu Documents, ndiye mukhoza kutha deta ya mwezi wonse, gemu yatsopano n'kukawerenganso fayilo yowonongeka yomwe ija. Ngati mukukayikira mafayilo a gemuyo, pitani pa `Properties`, `Installed Files`, `Verify integrity of game files`. Iyo imangotsitsa zowonongeka zokha, ngakhale nayonso sichotsa mamodi ndipo silowa mu Documents.

Story Mode ikatseguka koma Online n'kumakana, siyani kukhudza mafayilo, limenelo ndi la netiweki kapena la maseva. Yesani kulumikiza ndi foni ya netiweki ina muone. Ndipo mukangolowa, pitani mu Rockstar Games Launcher, `Settings`, pa GTA V muyatse `Cloud Saves`, kope ya pa fulashi ija muisungebe. Mutiuze ngati muli ndi mamodi, komanso mmene `settings.xml` yanu yathera mu Notepad.